Timawu tija timatidyera malikisi pa pepala la Chingerezi: a, the, he ndi she

Loweruka lililonse masana timakumana kuchipinda kwanga ku Yeoville anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi, onse akwathu, ena akukonzekera matiriki ya akuluakulu ija amalemba mu Meyi ndi Juni, wina akufuna mayeso a Chingerezi a IELTS, ndipo ine poti ndinagwirako choko kumudzi ndisanabwere ku Joni kuno ndimawaonera zimene alemba. Chimene chimandiwawa nchakuti anthuwa Chingerezi amachimva bwinobwino, amayankhula ndi mabwana awo tsiku ndi tsiku, koma ukatenga pepala lawo upeza cholembera chofiira chikugwera pamalo amodzimodzi, pa timawu ting'onoting'ono timeneti. Si umbuli ayi. Nchichewa chathu chimene chimakhala pansi pa chiganizocho nkumachikoka, ndiye ukadziwa pamene chimakokera umatha kuchigwira. Ndilemba apa njira imene timatsata, mutha kuyesa nokha kunyumba ndi pensulo basi.

Poyamba dziwani pamene timawuti timakudikirirani. Pa matiriki, pepala loyamba la English First Additional Language ndi la malikisi 80, maola awiri, ndipo funso lachisanu kumapeto kwenikweni ndi la galamala ndi kukonza zolakwika, malikisi 20. Amakupatsani ndime yokhala ndi zolakwika zoikamo dala nkukuuzani kuti konzani cholakwika chimodzi m'chiganizo chilichonse, kenako amakufunsani kusintha mawu a munthu kuti akhale onenedwa ndi wina, ndi zina zotero. Amene munalemba MSCE kumudzi mafunso otere si achilendo kwa inu. Vuto nlakuti cholakwika chimene aikamo nthawi zina nchomwecho chimene ifeyo timapanga tikamayankhula, ndiye diso limangodutsapo, khutu nkumati zili bho. Komanso timawu tomweti timakutsatani pa chimangirizo, pamene palibe wokuuzani kuti apa pali cholakwika.

Nayi ndime imene analemba asisi ena a m'gulu lathu, amagwira ntchito ya m'nyumba cha ku Randburg, anandilola kuti ndiigwiritse ntchito:

*My sister works at shop in Fordsburg. He wakes up early because taxi is full by six. Last week customer forgot his bag there. She was old woman. My sister she kept bag and gave it to manager. The manager they said the honesty is important and gave her an advice.*

Werengani kamodzi muwerenge zolakwika zimene mwaziona. Iwowo atawerenganso okha anapeza ziwiri. Zilimo 12.

Sitepe yoyamba, musakonze mukulemba. Izi ndimalimbikira kwambiri chifukwa munthu ukamaima pa dzina lililonse kuganiza za a ndi the maganizo amathawa, nthawi nkutha. Lembani mumalize, musiye mphindi zisanu kapena zisanu ndi ziwiri kumapeto, ndiye mudutse pa zimene mwalembazo kawiri, ulendo woyamba kuyang'ana mayina okha, wachiwiri alowam'malo okha. Osaphatikiza. Mukamafuna zonse nthawi imodzi mumangowerenga nkhani, ndipo nkhaniyo imamveka bwino chifukwa mwailemba nokha.

Sitepe yachiwiri ndi ulendo wa mayina. Tengani pensulo muzunguze dzina lililonse la chinthu chimodzi chimene mungathe kuchiwerenga, monga shopu, takisi, kasitomala, chikwama. Lamulo limene ndimawauza kuti alisunge ngati nambala ya pasipoti ndi ili: m'Chingerezi dzina lotere siliyenda lokha, limafuna kanthu kutsogolo kwake, kaya *a*, *an*, *the*, kaya *my*, *her*, *this* kapena *one*. Ife m'Chichewa timangoti ndagula buku, chiganizo chakwana, palibe chimene chikusowa. Nchifukwa chake *I bought book* kwa ife imamveka yokwana pamene kwa wochonga ili ngati munthu wapita kutchalitchi opanda nsapato. Mukazunguza dzina nkuona kuti kumanzere kwake kulibe kalikonse, dziwani kuti pali bowo, chatsala nkusankha choikapo.

Ndiye posankha pakati pa *a* ndi *the* apa ndi pamene Chichewa chomwecho chimatithandiza, anthu ambiri sadziwa. Amati Chichewa chilibe ma atikolo, timawu ngati *a* ndi *the* timeneti, zoona, koma tili ndi njira yathu yosonyezera kuti chinthu tachitchula kale. Tamverani mmene timafotokozera nkhani: kunabwera mayi wina ndi chikwama, mayiyo anaiwala chikwamacho. Poyamba ndi mayi wina, kachiwiri ndi mayiyo. Poyamba chikwama, kachiwiri chikwamacho. Ka -yo ndi ka -cho kameneko, kapena uja, chija, ija, ndi ntchito yomweyo imene *the* amagwira. Ndiye yesani chonchi mumtima: ngati m'Chichewa mungathe kuphatikiza wina, china, ina pa dzinalo osasintha tanthauzo, ikani *a*. Ngati mungathe kuphatikiza -yo, -cho, -lo kapena uja, ikani *the*.

Tiyese pa ndime ya asisi aja. Mchemwali wawo amagwira pa shopu ina ku Fordsburg, sitinaimvepo kale ndipo mashopu ku Fordsburg ndi mbwee, ndiye *a shop*. Kasitomala wina anaiwala chikwama, *a customer*. Koma pamene mchemwaliyo akusunga, nchikwamacho tsopano, tikuchidziwa kale, *the bag*. Manejala sitinamutchule kale koma timaikabe *the manager*, chifukwa tikangoti shopu aliyense akudziwa kuti ili ndi manejala wake mmodzi, ndi manejala wa pashopupo. Chimodzimodzi *the taxi*, ndi takisi ija amakwera m'mawa uliwonse, osati takisi iliyonse ya pa renki ya Bree. Apa mpamene anthu amene analoweza zoti koyamba *a* kachiwiri *the* amagwa, poti nkhani si kutchula kawiri kokha, nkhani ndi yakuti kodi wowerenga akudziwa kuti nchiti.

Njira yanga ya wina ndi uja ili ndi malire ake, ndisakunamizeni. Siigwira pa ntchito za anthu kapena pofotokoza chimene munthu ali. Timati ndi namwino, ndi mphunzitsi, sitinganene kuti ndi namwino wina, komabe Chingerezi chimafuna *She is a nurse*, *He is a teacher*. Bowo limeneli ndi limene ndimalipeza kwambiri kuposa onse, ngakhale m'makalata ofunsira ntchito, munthu kulemba *I am hard worker* kapena *I am driver*. Mu ndime yathu ndi pa *She was old woman*, pamafunika *an old woman*. Ingozolowerani kuti pambuyo pa *is*, *am*, *was* ngati pakubwera dzina la munthu mmodzi kapena chinthu chimodzi, muyang'ane ngati *a* alipo, ndipo mfotokozi akalowa pakati monga *old* kapena *hard* musaganize kuti watseka bowolo, salitseka.

Za *a* ndi *an* sindichedwapo. Kusukulu anatiuza kuti *an* amabwera patsogolo pa zilembo a, e, i, o, u, koma chimene chimalamula ndi kamvekedwe osati chilembo. *University* imayamba ndi yu ngati mmene timanenera yunivesite, ndiye *a university*, *a uniform*. *Hour* ndi *honest* h wake samveka, ndiye *an hour*, *an honest man*. Okonza mayeso amawakonda mawu anayi amenewa, tchulani mokweza pang'ono pakamwa panu mumve liwu loyamba basi.

Tsopano pali matenda ena amene amabwera munthu akangomva zonsezi, amayamba kumwaza *the* paliponse ngati mchere. Asisi aja analemba *the honesty*, ndi mankhwala opyola muyezo amenewo. Mukamanena za chinthu mwachisawawa, chilungamo, chikondi, umphawi, maphunziro, simuikapo kanthu, *Honesty is important*, *Poverty is a problem*. Ndiponso zinthu zambiri mukamazinena zonse, *Taxis are expensive*, osati *The taxis* pokhapokha ngati mukunena matakisi ena ake odziwika, aja a ku Diepsloot mwachitsanzo. Nchifukwa chake ndinati muzunguze mayina a chinthu chimodzi chowerengeka okha, enawa amatha kuyenda okha.

Ndiye pali kagulu ka mayina kamene kamatipusitsa chifukwa kwathu timawawerenga koma Chingerezi chimakana. Ife timati malangizo, akatundu, zipangizo, mipando, mauthenga, zonse zochuluka bwinobwino. Koma *advice*, *luggage*, *equipment*, *furniture*, *information* salandira s kumapeto ndipo salandira *a* kapena *an*. Palibe *an advice*, palibe *furnitures*, ngakhale mutaziona zitalembedwa pa chikwangwani cha shopu m'tauni muno, ndipo mudzaziona. Nenani *some advice* kapena *a piece of advice*. Awa palibe nzeru ina, lembani asanuwo pa kapepala mumate pakhoma pafupi ndi ketulo.

Sitepe yachitatu ndi ulendo wa alowam'malo, ndipo apa ndikhalitsapo chifukwa ndi pamene anthu amachita manyazi. Munthu wamkulu, wodziwa bwino kuti *he* ndi mwamuna *she* ndi mkazi, amapezeka walemba *My sister, he*. Ukamuonetsa amagwira pakamwa, amati aphunzitsi izi ndimazidziwatu. Eya amazidziwa, koma Chichewa chili ndi iye mmodzi yekha wa onse, ndipo nthawi zambiri ngakhale iyeyo sitimutchula, timangoti anapita, anadzuka, ka a- kokhako kakwana kaya ndi bambo kaya ndi mayi. Ubongo wathu sunazolowere kufunsa funso limenelo pa chiganizo chilichonse, ndiye ukatopa kapena ukathamanga umangotola amene ali pafupi, kawirikawiri *he*. Anzathu a Chizulu nawonso ali ndi yena mmodzi, nchifukwa chake mumamva zomwezi mu takisi palibe amene amadabwa, ndiye kuno khutu silingakuthandizeni.

Chochita nchophweka koma chimafuna dzanja. Pa *he*, *she*, *him*, *her*, *his*, *they* aliyense ikani pensulo nkujambula kamuvi kobwerera kwa munthu amene akunenedwa. Muvi ukafika funsani, mwamuna kapena mkazi, mmodzi kapena ambiri. Mu ndime ija *He wakes up* muvi ukupita kwa *sister*, ndiye *She*. Pa mayeso enieni simukufunika kujambula mizere yoonekera, kungokhudza ndi nsonga ya pensulo kumakwana, koma masabata oyamba kunyumba jambulani ndithu mpaka pepala lide.

*His* ndi *her* ali ndi msampha wawo wapadera. Taonani mmene timanenera: mkazi wake, buku lake, chikwama chake, foni yake. Chimene chikusintha kutsogoloko, wa, la, cha, ya, chikutsata chinthu chimene munthu ali nacho, osati mwini wake. Mwiniyo amangokhala -ke basi. Ndiye tikalowa m'Chingerezi timapitiriza khalidwe lomwelo, timayang'ana kutsogolo, tikaona *wife* ndi mkazi timalemba *He came with her wife*, tikaona *husband* timalemba *She phoned his husband*. Chingerezi chimayang'ana kumbuyo kwa mwini. Mwini ngati ndi bambo zonse ndi *his*, *his wife*, *his mother*, *his daughter*, kaya pabwere akazi angati. Ndiye muvi wa *his* ndi *her* uzipita kumbuyo nthawi zonse. Mu ndime ya asisi aja munali kachinyengo, *customer* sakuonetsa ngati ndi bambo kapena mayi, umadziwa pa chiganizo chotsatira kuti anali gogo wamkazi, ndiye *his bag* iyenera kukhala *her bag*. Okonza mayeso amachitanso zomwezo dala ndi mawu monga *doctor*, *cousin*, *friend*, yankho limakhala chiganizo cha kumtunda kapena kumunsi, choncho musamawerenge chiganizo chimene afunsacho chokha.

Chinanso, *My sister she kept*. Apa *she* ndi wolondola kuti ndi mkazi koma sakufunika nkomwe. Zimachokera kuti? Tikati mchemwali wanga anasunga, mneni ali ndi ka a- kake kobwereza mwininkhani ngakhale tamutchula kale, ndipo m'Chichewa sungakachotse. Ndiye dzanja limafuna kukamasulira nako. M'Chingerezi cholemba pa mayeso mumasankha chimodzi, dzina kapena mlowam'malo, osati zonse motsatizana. Muvi wanu ukakhala waufupi kwambiri, woti munthuyo ali pompo moyandikana, fufutani mlowam'maloyo.

Ndiye *The manager they said*, ili ndimalikonda chifukwa ndi cholakwika cha mwana woleredwa bwino. Kwathu munthu wamkulu sitimuti iye, timati iwo, amanejala anati, amayi abwera, abambo akudwala. Asisi aja ndinawafunsa kuti mamanejala analipo angati, anati mmodzi, koma aphunzitsi ndingawanene bwanji kuti *he* bambo aakulu ngati amene aja. Tinaseka tonse. Koma Chingerezi ulemu sichiuika mu kuchulukitsa, mayi anu okubalani ndi *she*, agogo aamuna ndi *he*, ndipo mneni wake akhale wa munthu mmodzi, *My mother is coming* osati *are coming*. Palibe mwano pamenepo, olo pulezidenti amamunena choncho.

Ikakonzedwa yonse ndime ija imakhala chonchi:

*My sister works at a shop in Fordsburg. She wakes up early because the taxi is full by six. Last week a customer forgot her bag there. She was an old woman. My sister kept the bag and gave it to the manager. The manager said honesty is important and gave her some advice.*

Mukawerengetsa mupeza mabowo asanu ndi limodzi a ma atikolo osowa, awiri oikidwa posafunika, alowam'malo awiri olakwika ndi awiri ongowonjezera. Palibe liwu lalikulu ngakhale limodzi limene tasintha, mawu onse anali nawo kale.

Sitepe yachinayi ndi ya funso limene limasonkhanitsa misampha yonse ya alowam'malo pamodzi, lija amati lembaninso mawu a munthu ngati mukuuza wina. Tiyerekeze akupatsani ichi:

*Grandmother said to the boy, "I have left my phone in your bag."*

Musanalembe kalikonse, pambali lembani anthu awiriwo, woyankhula ndi womvera, ndi alowam'malo awo. Woyankhula ndi *grandmother*, samalani poti kwathu agogo ndi agogo basi koma apa ndi aakazi, ndiye ake ndi *she* ndi *her*. Womvera ndi mnyamata, ake ndi *he*, *him*, *his*. Kenako lamulo lake ndi limodzi, *I*, *me*, *my* aliyense wa m'kati mwa mawuwo amapita kwa woyankhula, *you* ndi *your* amapita kwa womvera. Ndiye *I* akhala *she*, *my phone* ikhala *her phone*, *your bag* chikhala *his bag*. Mukatha apo mpamene mubweze mneni sitepe imodzi kumbuyo chifukwa *said* ndi wakale, *have left* akhale *had left*, muchotse zizindikiro za mawu ogwidwa, muike *that*:

*Grandmother told the boy that she had left her phone in his bag.*

Anthu ambiri amalimbana ndi mneni yekha poti ndi amene anawaopseza naye kusukulu, amapeza *had left* bwinobwino koma nkulemba *his phone in her bag*, nkhani yatembenuka, foni yasanduka ya mnyamata. M'Chichewa tikanati foni yawo m'chikwama chake, ulemu ndi umene ukanatisiyanitsira anthu awiriwo, ndiye mukaona dzanja likufuna kulemba *their phone* dziwani kuti ndi agogo aja akukukokani. Malikisi a funso lotere amakhala pa mawu amene mwasinthawo, ndipo mwaona nokha kuti atatu mwa iwo ndi alowam'malo.

Kafunso kakang'ono ka kumapeto kwa chiganizo nako kali m'gulu lomweli. Ife tili ndi eti mmodzi wokwana paliponse, wabwera eti, akudwala eti, ndipo kuno tatolanso ne wa anzathu. Ndiye m'Chingerezi timafuna *isn't it* akhale eti wathu. Sizitheka, kafunsoko kamatenga mneni wothandizira wa chiganizocho ndi mlowam'malo wa mwininkhani, *Your aunt is a nurse, isn't she?*, *The boys have eaten, haven't they?* Muvi uja ugwiritseninso ntchito pamenepa.

Pokonzekera kunyumba musagule buku lina, tengani zimene munalemba kale nokha, olo mauthenga aatali a pa WhatsApp amene munatumizira abwana anu, mukopere ziganizo khumi pa pepala nkudutsapo maulendo awiri aja. Pansi lembani manambala awiri, mabowo a mayina angati, mivi yolakwika ingati. Chitani kawiri kapena katatu pa sabata ndipo manambalawo muzisunga, chifukwa ndi amene angakuuzeni matenda anu enieni, ena vuto lawo ndi *a* wa pambuyo pa *is* yekha, ena ndi *his* ndi *her* basi, ndiye pa tsiku la mayeso nthawi ikachepa mumadziwa ulendo woyamba kuyenda. Mapepala a zaka zam'mbuyo a matiriki pamodzi ndi mayankho ake amapezeka ulere pa webusaiti ya Department of Basic Education, tsitsani pepala loyamba mupite molunjika ku funso lachisanu. Ngati muli awiri sinthanani mapepala, cholakwika cha mnzako chimaoneka msanga kuposa chako. Asisi a ku Randburg aja pano ma atikolo akuwagwira okha ambiri, chimene chatsala ndi amanejala, sabata yatha analembanso *my boss they*, akuti dzanja limakana.